Musatiuze Chiwerengero cha Lilongwe Popanda Chaka ndi Malire

Pali chizolowezi chimene chamera mizu pakati pa ife olemba nkhani, ndiponso pakati pa akuluakulu olankhula pa misonkhano, chotchula chiwerengero cha anthu a mu mzinda wa Lilongwe monga ngati ndi dzina lobatizidwa nalo, losasintha kufikira imfa. Wina anena kuti mzindawu uli ndi anthu osakwana miliyoni imodzi, mnzake pa wailesi anena kuti anthuwo apitirira miliyoni ndi zikwi mazana awiri, wachitatu, pofuna kuti pempho lake la thandizo limveke kolemera, atchula mamiliyoni awiri ndi theka. Ndipo munthu wamba, atamva zonsezi m'sabata imodzi, agwedeza mutu nati a kalembera ndi anthu abodza. Ine ndikana mlandu umenewu m'malo mwa alembi aja, pakuti ziwerengero zitatuzi zili ndi kwawo, chilichonse chili ndi chaka chake ndi malire ake, ndipo wochimwa ndi iye amene achichotsa pa tsamba pamene chinalembedwa nachiponya pamaso pa anthu chili chamaliseche.

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa mu Sepitembala 2018, amene inachititsa ofesi ya boma ya ziwerengero ya ku Zomba, anapeza anthu 989,318 mu mzinda wa Lilongwe. Kalembera yemweyo, mwezi womwewo, anapeza anthu 1,637,583 m'midzi ndi m'misika ya boma la Lilongwe kunja kwa mzinda, kuyambira ku Mitundu ndi ku Nathenje kufikira ku Kasiya ndi ku Namitete. Mukaphatikiza ziwirizi mupeza 2,626,901. Tsono amene atchula mamiliyoni awiri ndi theka sanapeke nambala m'mutu mwake ayi, koma watenga anthu a boma lonse, pamodzi ndi alimi a fodya a kwa Kabudula amene kutauni amafikako pokagulitsa mabelo ku Kanengo basi, nawaveka dzina la mzinda. Chimene chimamupunthwitsa n'chakuti dzina ndi limodzi: boma ndi Lilongwe, mzinda ndi Lilongwe, ngakhale mtsinje umene udutsa pakati pake ndi Lilongwe. Ku Blantyre msampha ndi womwewo, popeza mzinda unali ndi anthu 800,264 ndipo madera akumidzi a bomalo anali ndi 451,220.

Nkhani ya chaka ndiyo imene iyenera kuti tikhalepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ngakhale anthu ophunzira amagwa chagada. Pakati pa kalembera wa 2008 ndi wa 2018 mzinda wa Lilongwe unkakula ndi anthu pafupifupi 38 pa anthu 1,000 alionse chaka chilichonse. Tengani muyeso umenewu muuike pa anthu 989,318 aja, ndipo muona kuti chaka chimodzi chokha chiwonjezera anthu oposa 37,000, ndiko kunena anthu oposa 3,000 pa mwezi, ena obadwira ku Bwaila ndi m'zipatala zina, ena otsika basi ku depoti ndi chikwama chimodzi m'manja. Pa tsiku la kalembera panangotsala anthu 10,682 kuti miliyoni ikwane. Ngati tsono kakulidwe kaja sikanasinthe, miliyoniyo inakwana isanathe miyezi inayi, chimanga cha dzinja limenelo chisanamasule ngayaye. Ndipo pofika Sepitembala 2024 masamu omwewo atifikitsa pa anthu oposa 1,230,000. Munthu amene aimirira lero nanena kuti Lilongwe sanafike pa miliyoni akunena zoona za chaka cha 2018, koma za lero akunama, ngakhale kuti nambala yake ili ndi chidindo cha boma.

Komanso amene atchula 1,230,000 adziwe chimene wanyamula. Palibe mlembi amene anagogoda pa khomo nawerenga anthu amenewo. Nambalayo yabadwa pa pepala, mwa kulingalira kuti amayi abereka monga ankaberekera, anthu amwalira monga ankamwalirira, ndipo a kumudzi akhamukira kutauni monga ankakhamukira. Ofesi ya ku Zomba imatulutsa ziwerengero zoyerekeza zotere za chaka ndi chaka, bungwe la United Nations limatulutsanso zake, ndipo popeza aliyense amayamba ndi malingaliro akeake pa za kubadwa, kumwalira ndi kusamuka, n'zosadabwitsa kuti safika pa nambala imodzi. Kusiyana kochepa pa chiyambi kumakula ndi zaka: wina akayerekeza 38 pa 1,000 ndipo mnzake 30 pa 1,000, patatha zaka khumi adzakhala atatalikirana ndi anthu oposa 100,000. Chizindikiro chozindikirira nambala yoyerekeza n'chapafupi. Akalembera a dziko lino chilandirire ufulu anachitika mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018. Nambala iliyonse yokhala ndi chaka china pambali pake ndi yoyerekeza, ingakhale italembedwa molongosoka mpaka munthu womaliza.

Kuiwala chaka kwasokeretsa mbadwo wathunthu wa ana a sukulu pa funso la mzinda waukulu m'Malawi. Mu 1998 Blantyre anali ndi anthu 502,053 pamene Lilongwe anali ndi 440,471, ndipo mphunzitsi wa masiku amenewo sankalakwa pophunzitsa kuti Blantyre ndiye wamkulu. Pofika 2008 Lilongwe anali atapitirira. Koma mawu akale aja akumvekabe m'kamwa mwa anthu, pakuti wina anakopera kwa wina, winayo kwa winanso, ndipo akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Pali chinthu china chobisika, chimene chimaoneka munthu akayika mabuku awiri a boma pambalipambali. Pa kalembera mmodzi yemweyo wa 2008, mupeza pena Lilongwe atalembedwa 674,448, pena 669,532. Anthu 4,916 amenewa sanasowe ndipo sanabedwe. Kuwerenga anthu kuli ndi njira ziwiri: ina imawerenga aliyense pamene anagona usiku wa kalembera, kaya ndi mwini nyumba kaya ndi mlendo, ina imawerenga munthu kumene amakhala masiku onse, ngakhale usikuwo anali pa ulendo. Taganizani mayi wa ku Dedza amene akudikirira mwana wake wodwala pa chipatala chachikulu cha Kamuzu, atayala chitenje pakhonde. Njira yoyamba imuyesa wa ku Lilongwe, yachiwiri imubweza kwawo ku Dedza. Ndipo mwamuna wa ku Kawale amene usiku womwewo anali ku maliro ku Ntcheu, yoyamba imuchotsa mu mzinda pamene yachiwiri imusunga. Mlendo ndi mame, inde, koma mame a mu likulu la dziko ndi ochuluka, ndipo nawonso amamwa madzi a m'mipope.

Owerenga Mawu a Mulungu sayenera kudabwa nazo izi. Pamene mfumu Davide anatuma Yowabu kukawerenga amuna a nkhondo, buku lachiwiri la Samueli linalemba 800,000 a Israeli ndi 500,000 a Yuda, pamene buku loyamba la Mbiri linalemba 1,100,000 ndi 470,000; ndipo buku la Mbiri lomwelo liulula kuti Yowabu anasiya mafuko a Levi ndi Benjamini osawawerenga. Funso lakuti ndani ali m'kati ndipo ndani ali kunja ndi lakale ngati kalembera mwini.

Ndilo funso limene lindibweza ku malire, ndipo apa mlandu wanga ukula kuposa wa atolankhani. Mu 1966 Lilongwe anali tauni ya anthu 19,425. Mu 1977, patangopita zaka ziwiri likulu litasamuka kuchokera ku Zomba mu 1975, anali ndi 98,718. Wosadziwa angayese kuti anthu onsewa anabwera pa malole kudzamanga nyumba za boma, ndipo ambiri anabweradi; koma malire a likulu latsopano anatambasulidwa kutali kuposa a tauni yakale, kotero kuti midzi ina inalowa mu mzinda anthu ake asanasunthe ndi phazi lomwe. Blantyre nayenso anakula tsiku limodzi mu 1956, pamene anaphatikizidwa ndi Limbe. Mzere wa pa mapu ungathe kubala anthu zikwi zambiri usiku umodzi, ndipo ukaima malo amodzi zaka zambiri, ungathenso kubisa anthu zikwi zambiri.

Kubisako ndiko kukuchitika masiku ano. Imani m'mawa pa msewu wa ku Mchinji kapena wa ku Dedza, muone ma minibasi odzaza thothotho ochokera ku Mpingu ndi ku Nathenje, a kabaza atasenza matumba a makala, amayi atanyamula madengu a masamba opita nawo ku msika waukulu. Imani pa msewu wochokera ku Lunzu kapena ku Mpemba muone zomwezo polowa mu Blantyre. Anthu amenewa tsiku lawo lonse limathera mu mzinda, zinyalala zawo zimatsala mu mzinda, akadwala amafola pa mzere m'zipatala za mu mzinda, koma kalembera, potsata lamulo lake mokhulupirika, amawalemba kumene amagona, ndiko kunja kwa malire a khonsolo. Ambiri mwa iwo anachoka mu mzinda momwemo pothawa lendi, nakagula malo kwa mfumu kuseri kwa malire, kumene nyumba za malata zalumikizana kale ndi za m'tauni kotero kuti diso silingaone pamene mzinda wathera. Tsono khonsolo ikamalinganiza misika, zimbudzi ndi magalimoto otola zinyalala poyang'ana 989,318, ikuphika nsima ya a pa banja okha pa tsiku la ukwati.

Sindikunena kuti malire afutukulidwe mawa, pakuti nkhani ya malo a mafumu ndi misonkho ya khonsolo siiweruzidwa ndi cholembera cha mtolankhani. Chimene ndipempha ofesi ya ku Zomba n'chakuti pa kalembera amene akuyembekezeka mu 2028 idzatipatse, pambali pa chiwerengero cha mzinda wa pa lamulo, chinanso cha mzinda pamodzi ndi madera ouzungulira amene amadya nawo, popeza alembi amalemba anthu kadera ndi kadera, ndipo kuphatikiza timadera timeneti ndi ntchito ya pa tebulo. Ndipo inu akonzi anzanga, mtolankhani akabwera ndi nambala ya anthu a mu mzinda, mufunseni chaka chake, mufunseni ngati ndi ya mzinda kapena ya boma, mufunseninso ngati anthuwo anawerengedwa kapena anangoyerekezedwa. Akalephera kuyankha, mubwezereni pepala lake akafufuze.