Gemu isatiwerengetse ndime, itiphunzitse tikusewera

Sabata yatha ndili kwathu ku Liwonde, ndidabwereka foni mphwanga wa Sitandade 4 kuti asewere gemu ina ya mpikisano wa galimoto. Gemuyo idayamba ndi masamba asanu a malangizo m'Chingerezi. Mwanayu pakhomo amayankhula Chiyao ndi Chichewa, ndiye adangodinadina mpaka malembawo atha. Atagunda khoma katatu, adandibwezera foni: "Achimwene, yovuta iyi."

Ine ndikuti wolakwa si mwanayo ayi, koma wopanga gemu.

Taonani Super Mario Bros., yomwe Shigeru Miyamoto ndi anzake a ku Nintendo adatulutsa mu 1985. Gawo loyamba, World 1-1, lilibe chiganizo chokuuza zochita. Mario waima kumanzere, wayang'ana kumanja komwe kuli malo opanda kanthu, ndiye umangodziwa kolowera. Kenako kachilombo kamodzi kakubwera pang'onopang'ono. Kakakugunda wafa, koma wataya masekondi ochepa chabe. Ulendo wachiwiri umalumpha.

Chondisangalatsa kwambiri ndi bowa. Ukamenya bokosi lokhala ndi chizindikiro cha funso, bowa umatuluka, kugwa pansi, kugunda paipi n'kubwerera kwa iwe. Umauyesa mdani, koma njerwa zili pamwamba pako, ndiye kuuthawa n'kovuta. Ukakukhudza, Mario amakula. Basi, waphunzira kuti bowa ndi wabwino. Chakutsogolo kuli masitepe awiri okhala ndi mpata pakati, pansi pali nthaka. Ukalumpha molakwika, palibe chimachitika. Otsatira ake ndi ofanana, koma pakati pali dzenje lakupha. Umayamba wayeserera, mayeso pambuyo.

Ndiye inu anyamata ndi atsikana amene mukuphunzira kupanga magemu, tiyerekeze mukupanga ya kabaza wochoka ku Balaka kupita ku Liwonde. Musalembe kuti "pewani maenje". Ikani kadzenje kamodzi pamsewu wopanda galimoto, kongochepetsa liwiro. Lachiwiri likhale lalikulu, logwetsa katundu. Lachitatu libwere limodzi ndi mbuzi yodutsa. Chatsopano chizibwera chimodzichimodzi.

Ena anena kuti njirayi ili ndi malire, ndipo akunena zoona. Pafoni, munthu sangalote yekha kuti ayenera kudina ndi zala ziwiri. Apo kachithunzi ka dzanja kapena mawu awiri a Chichewa n'ngofunika. Chomwe ndikukana ndi ndime zomwe zimatsekera kunja mwana amene sanafike powerenga Chingerezi.

Mudziwa bwanji kuti zatheka? Patsani mwana foni, inu mutseke pakamwa. Akagwa pamalo amodzi katatu osasintha kaseweredwe, sakuona chomwe chikumugwetsa: konzani malowo, musaonjezere malembo. Akagwa kamodzi n'kunena kuti "dikirani ndiyeserenso", ndiye kuti gemu yanu yaphunzitsa.

Mphwanga uja bawo amaitha bwino, ndipo palibe adamupatsapo buku lake.