Mpeni uzipita kwa Msilamu

Ku Mlolo, monga m'midzi yambiri ya ku Chadiza, banja likafuna kudyetsa khamu pa ukwati kapena pa chiliza maso amathamangira kukhola la nkhumba. Nkhumba ndiyo imakwanira anthu ambiri pa ndalama yochepa. Koma taonani amene akubwera: a Katolika, a RCZ, apongozi a Sabata, msuweni wa Mboni za Yehova, ndi Msilamu amene amagula mtedza wanu chaka ndi chaka. Ine ndimati nkhani yonse imathera pa mpeni ndi pa mphika, chakudya chisanafike m'mbale.

Tiyerekeze anthu 100. Gulani mbuzi ziwiri ndi nkhuku zingapo zamoyo, ndipo mupemphe Msilamu kuti azinge. Iye amatchula dzina la Allah, n'kudula pakhosi mpaka magazi onse atatuluka. Nyama yoteroyo Msilamu adya. Wa Sabata adya, pakuti mbuzi ndi nkhuku zili m'gulu la nyama zoyera za pa Levitiko 11. Wa Mboni, amene amapewa magazi ndi nyama yopotola potsata Machitidwe 15, adyanso. Mpeni umodzi wakwanira onse. Mukazinga nokha m'mamawa pofuna kufulumira, mwachotsa mlendo mmodzi pamphasa. Uwende musaphike n'komwe.

Nkhumba, ngati eni mwambo aumirira, ikhale ndi moto wake kuseri, mphika wake, chikombe chake ndi munthu wake wogawa. Zimalakwika apa kawirikawiri. Mayi wotanganidwa amavundula nyemba ndi chikombe chochokera ku nkhumba, kapena kuthira mafuta ake m'repu kuti akome, ndiye ndiwo zimene munaziyesa za aliyense zadetsedwa. Mudzadziwa mukaona apongozi akudya nsima ndi mchere, akuti m'mimba simuli bwino. Kunena zoona, ine ndikadaisiya m'khola tsiku limenelo.

Nsomba musaziyese zopanda mlandu. Mlamba ulibe mamba, choncho wa Sabata saukhudza. Gulani nsomba ya mamba. Mbewa, ngakhale timazikonda chotani kuno kum'mawa, zidikire tsiku lina. Nyemba ndi chibwabwa chotendera, zophikidwa m'miphika yotsukidwa bwino, zikhale zambiri.

Thobwa liphikidwe dzulo lake. Likagona masiku angapo limayamba kuwira ndi kuluma pa lilime, ndipo Msilamu ndi wa Sabata aliyesa mowa. A Sabata ambiri samwanso tiyi, choncho madzi ndi zoziziritsa kukhosi zisasowe.

Yang'ananinso kalendala musanaitane anthu. Sabata limayamba dzuwa likalowa Lachisanu mpaka kulowa kwake Loweruka. M'mwezi wa Ramadani Msilamu sadya masana, ndipo Lachisanu la m'nyengo ya Lenti Mkatolika sadya nyama. Lamulungu masana, mapemphero atatha, kunja kwa Ramadani, ndiyo nthawi imene onsewa angakhale pamphasa imodzi.