Kalata yokumbutsa ndalama ilembedwe ngati woweruza adzaiwerenga

Nthawi ya dzinja ikamatha, m'midzi ya kwa Mfumu Ndake mumakhala anthu ambiri amene ndalama zawo zinatsakamira m'masitolo a pa boma la Nyimba kapena ku Petauke. Analipiriratu fetereza, malata kapena sola, katunduyo sanabwere, ndipo analonjezedwa kuti ndalama zibwezedwa. Kuyambira pamenepo yankho ndi limodzi: "Abwana kulibe, bwerani sabata yamawa." Munthu akatopa ndi kupalasa njinga amaganiza zolemba kalata, ndipo ndaonapo makalata otere angapo. Ena amachonderera ngati akupempha thandizo la maliro, ena amatukwana kuyambira mzere woyamba. Onsewo sagwira ntchito chifukwa chimodzi: wolembayo amaganiza kuti akulembera mwini sitolo yekha.

Kalata yokumbutsa imakhala ndi owerenga awiri. Woyamba ndi amene ali ndi ndalama zanu. Wachiwiri ndi munthu wachilendo amene mudzamuonetse kalatayo zinthu zikakanika, kaya wa ku bungwe loteteza ogula la CCPC kaya woweruza ku khoti. Ameneyo sakudziwani, sanakhalepo tsiku limene munalipira, ndipo mkwiyo wanu alibe nawo ntchito. Amafuna kudziwa kuti munalipira zingati, liti, kugula chiyani, munalandira chiyani, ndipo chatsala nchiyani. Mwini sitolo wochenjera akawerenga kalata yoyankha mafunso amenewa amazindikira yekha kuti pepalali likhoza kupita patali, ngakhale mulibe liwu limodzi loopseza.

Tiyerekeze mlimi wamkazi wa kwa Ndake. Pa 14 Okutobala 2024 analipira K5,700 kwa wogulitsa zaulimi wina, ya matumba asanu ndi limodzi a fetereza pa K950 thumba. Anapatsidwa awiri, enawo akuti lole ikubwera kuchokera ku Lusaka. Loleyo sinafike, chimanga chinamera, nthawi yothira inapita. Matumba anayi osaperekedwa ndi K3,800. Mu Januwale, atadandaula, anamutumizira K800 pa foni. Choncho ngongole ndi K3,000, ndipo nambala imeneyi iyenera kuoneka poyera pamodzi ndi masamu ake. Anthu ambiri amalakwitsa apa. Amalemba K5,700 yonse chifukwa cha mkwiyo, kapena amabisa K800 ija poopa kuti ichepetsa mlandu. Mwini sitolo amangotulutsa uthenga wa pa foni wosonyeza kuti analipirako, ndipo kuyambira apo wabodza amaoneka ndinu. Chonsecho K800 imeneyo ndi mboni yanu yabwino, pakuti munthu sabweza gawo la ngongole imene akuikana.

Mayiyo, pamwamba atalemba dzina lake, mudzi, nambala ya foni ndi tsiku la 10 Marichi 2025, angalembe motere:

"Kwa a Manejala. Bambo, ndikulemba kukukumbutsani za ndalama zanga, K3,000, zimene sizinabwezedwe. Pa 14 Okutobala 2024 ndinalipira K5,700 ya matumba asanu ndi limodzi a fetereza, monga lisiti limene fotokope yake ndaikamo likusonyezera. Ndinalandira matumba awiri okha. Pa 4 Novembala munandiuza musitolo mwanu kuti ndalama za matumba anayi, K3,800, mundibwezera. Pa 20 Januwale 2025 ndinalandira K800 pa foni, ndipo ndikuthokoza. Yatsala K3,000. Ndikupempha kuti mundilipire ndalamayi pofika Lolemba, pa 24 Marichi 2025, pa nambala ya foni ili pamwambayi. Ngati pali chovuta, chonde ndiyankheni polemba tsikulo lisanafike. Likadutsa popanda ndalama kapena yankho, nkhaniyi ndiipereka ku CCPC. Ine kasitomala wanu."

Ulemu ulimo: muli "Bambo", muli "chonde", muli kuthokoza pa zimene zinabwera. Koma mulibe kupepesa. Ife timakonda kuyamba ndi "pepani kuti ndakuvutitsani", ndipo pakhomo pa apongozi mawuwo ngoyenera, koma m'kalata iyi amasandutsa ndalama zanu kukhala chifundo cha wina. Mulibenso za ana amene athamangitsidwa ku sukulu. Zingakhale zoona, komabe ndalamayo iyenera kubwezedwa ngakhale mukanakhala wolemera.

Msana wa kalatayi ndi tsiku. "Msanga" kapena "posachedwapa" si tsiku, ndipo munthu amene wakuyendetsani miyezi isanu amadziwa kuwatambasula mawu oterewa. Masiku 14 ngokwanira: palibe anganene kuti munamupanikiza, komanso nkhani sizizira. Tchulani tsiku la pa kalendala, chifukwa "masabata awiri" amabala mkangano wakuti munayambira pati kuwerenga.

Chotsatira chimene mwatchula chikhale chimodzi, ndipo chikhale chimene mudzachitedi. Bungwe la CCPC limagwira ntchito pansi pa lamulo nambala 24 la chaka cha 2010, limalandira madandaulo a ogula, ndipo lili ndi ofesi ku Chipata. Lamulo lomwelo limaletsa ogulitsa kupachika zikwangwani zokana udindo, zija zonena kuti katundu akagulidwa ndalama sizibwezedwa, kotero wina akakulozerani chikwangwani chotero musabwerere m'mbuyo. Njira ina ndi kukasuma ku khoti. Zopitira ku polisi nzofooka, popeza ngongole ya malonda kawirikawiri apolisi amaiona ngati mlandu wa pakati pa anthu awiri, ndipo mwini sitolo amadziwa zimenezo kuposa inu. Zoti mumuyalutsa pa wailesi, kapena zija za "muona", zisiyeni. Zimapatsa mnzanuyo mpata wosintha nkhani kuti ikhale ya kuopsezedwa kwake.

Ena amafuna kuonjezapo ndalama zoyendera ndi chimanga chimene chinalephera kubereka. Kupweteka kwake ndikukumva, pakuti fetereza wosafika pa nthawi yake amaononga chaka chonse. Koma ine ndimati m'kalata iyi funsani ndalama imene palibe angaitsutse. Mukaika K2,000 ya zotayika, mwatsegula khomo la mkangano, ndipo K3,000 yosakanika ija imira nayo limodzi. Zotayikazo mungazitchule pokadandaula kumene kuli woweruza.

Kalata yabwino imafanso ndi kaperekedwe. Lembani makope awiri. Imodzi musiye, inayo wolandira asainepo, alembe dzina lake ndi tsiku, adindepo chidindo ngati chilipo. Akakana kusaina, pitani ndi mboni, mwina mlembi wa kopaletivu yanu, alembe kumbuyo kwa kope yanu kuti anaona mukupereka. Ijambuleninso ndi foni mutumize pa WhatsApp ku nambala ya sitoloyo. Lisiti lenileni lisachoke m'manja mwanu ngakhale atakuuzani kuti akufuna kukalifananiza ndi mabuku, apatseni fotokope. Malisiti a makina amafufutika akakhala pa kutentha, choncho ajambuleni akadali ooneka, ndipo uthenga wa pa foni wokhala ndi nambala ya malipiro musaufufute. Pa chilankhulo, lembani chimene inu ndi mwini sitolo mumamvana, Chinyanja kapena Chinsenga, koma mphunzitsi akuthandizeni kope ya Chingerezi, poti ndicho chilankhulo cha maofesi a boma m'Zambia.

Kalata ikamugwira munthu, kawirikawiri amaimba foni: "Amayi, bwerani tikambirane, ndikupatsani theka." Pitani, theka landirani. Koma musanatuluke alembe pa pepala kuti walipira K1,500, yatsala K1,500, ndipo adzamaliza tsiku lakuti, asaine. Musasaine pepala lililonse lonena kuti nkhani yatha ndalama isanakwane. Akakhala chete mpaka pa 24 Marichi, musalembe kalata yachiwiri yopereka masiku ena 14, chifukwa mukatero mwamuphunzitsa kuti masiku anu amasuntha. Pa 25 tengani lisiti, kope yosainidwa ija ndi mauthenga a pa foni, mukapereke dandaulo lanu kumene munanena kuja.