MOTO WOCEPA NDIWO UKUTHA MAFUTA M'CIWAYA

Sabata latha ndinaima pa msika wina m'boma la Katete kuyembekeza basi, ndipo ndinagula cipisi kwa mai wina amene anali kukazinga pa mbaula. Pepala limene anakulungamo linanyowa ndi mafuta ndisanafike pa mseu. Cipisico cinali colobodoka kunja, koma pakati cinali caciwisi. Maiyo sanali waulesi iai. Anali kuumira makala, nathira mbatatesi zodzaza beseni m'mafuta ofunda cabe. Ine ndikuti kuumira kotere ndiko kumene kukudya phindu la anzathu ambiri okazinga.

Tiyeni tione cimene cicitika m'ciwaya. Madzi awira pa madigiri 100, koma mafuta a saladi okazingira cipisi afunika kufika pa madigiri 175 kapena 180. Kacidutswa ka mbatatesi kakagwa m'mafuta otentha motero, madzi a pamwamba pake asanduka nthunzi nthawi yomweyo. Thobvu limene muona ndiyo nthunziyo. Pamene ituluka mwamphamvu, kunja kuuma msanga ndi kupanga khungu lokhuthuka, pamene m'kati mupsa ndi nthunzi monga mbatata ya mu mphika. Mafuta akakhala ofunda cabe, khungulo licedwa kuuma, cipisi cikhalitsa m'ciwaya, ndipo pocitsula cituluka citamwa mafuta amene munagula ndi ndalama zanu.

Moto wopitirira nawonso uli ndi mlandu wake. Mafuta akayamba kufuka utsi, dziwani kuti ayamba kuonongeka. Cipisi cida kunja m'kati musanapse, ndipo ciwawa pakamwa. Phulani ciwaya, mafuta apumule.

Wina adzati, "Kumudzi kuno kopimira kutentha tidzakapeza kuti?" Mthiko wouma ukwanira. Viikani nsonga yake m'mafuta. Ngati pali zii, dikirani. Ngati tithobvu ting'onoting'ono tikwera pang'onopang'ono, mafuta ali pa kutentha kwa pakati. Tikayamba kukwera tambiri mofulumira, afika. Mungathenso kuponyamo kacidutswa kamodzi: kakamira ndi kukhala pansi osalira, moto ucepa, kakalira pomwepo ndi kuyandama posacedwa, nthawi yakwana.

Njira imene ndiikhulupirira ndiyo kukazinga kawiri. Tinene kuti muli ndi malita 2 a mafuta ndi kilo imodzi ya mbatatesi. Dulani zidutswa zonenepa ngati cala, zofanana, muzitsuke kuti madzi oyera aja acoke, ndipo muziumitse pa nsalu yoyera. Gawani kiloyo panai. Apa ndipo ambiri alakwa, pakuti mbatatesi zozizira zikalowa zonse pamodzi mafuta azizira mwadzidzidzi, ndipo makala sangathe kubweza kutenthako msanga. Gawo lililonse likhale mphindi 5 kapena 6 m'mafuta a pakati, pafupi madigiri 150. Mukatsula cikhale cofewa pocitsina koma cisanasinthe mtundu. Ciyanikeni pa sefa cizizire kwa theka la ora. Tsopano kolezani makala, mafuta afike pa 180, ndi kubwezamo gawo limodzi-limodzi kwa mphindi 2 kapena 3, kufikira cifiirire pang'ono ngati udzu wouma. Gawo lina lisanalowe, yesaninso ndi mthiko. Mcere uthiridwe cipisi citatsulidwa.

Alipo amene ati kukazinga kawiri ndi nchito ya m'mahotela ndipo kutha makala. Zoona, makala apita ambiri pang'ono. Koma wogulitsa angathe kutsiriza kukazinga koyamba m'mamawa, ndipo wogula akafika ayembekeza mphindi zitatu zokha nalandira cotentha, m'malo mwa cija cimene cagona pa mbale kuyambira dzuwa lili pamutu. Wogula wotere abweranso mawa.

Cinangwa cifuna njira yake. Tengani cinangwa cozuna monga Manyokola. Cowawa cija ciri ndi ululu umene ucoka pociviika masiku angapo, ndipo kungocikazinga sikukwanira. Popeza cinangwa ncouma ndi colimba kuposa mbatatesi, kuphika kulowa m'malo mwa kukazinga koyamba. Cisendeni, mucidule, muciwiritse m'madzi a mcere mphindi 10 kapena 15, mpeni uzilowa koma cisaphwanyike. Cotsani mtsitsi wa pakati, ciyanikeni nthunzi ithe ndipo ciume pamwamba, kenaka cilowe m'mafuta a madigiri 175 kwa mphindi 4 kapena 5.

Kuumitsako musakunyoze, cifukwa madzi akagwa m'mafuta otentha athethetsa mafuta pa manja ndi kumaso. Ndipo mafuta akagwira moto, musathire madzi konse. Bvundikirani ciwaya ndi civundikilo ca citsulo kapena lata, muwacotse ana pafupi, ndi kucileka covundikira kufikira cizizire.