Mphika ndi mphasa siziyamba mofanana

Funsani mwana wa Sitandade 2 kuno ku Chipasula kuti awombe m'manja potchula mawu oti mphasa. Awomba kawiri: mpha-sa. Mumpatse mphika, awomba katatu: m-phi-ka. Pa bolodi mawu onsewa ayamba ndi malembo atatu omwewo, koma pakamwa pa mwanayo pakutuluka zinthu zosiyana. Apa ndi pamene pagona mkangano wakale wa akatswiri a zinenero za Chibantu: kodi mb, nd, ng, nj, mph, nth ndi nkh ndi liwu limodzi, kapena ndi maliwu awiri ogundizana?

Tisanayankhe tiyambe tapatula m wa mphika, chifukwa iyeyo sali m'gulu limeneli. Ndi mu amene anataya u wake, n'kutsala ataima yekha ngati phatikizo lathunthu. Kumuzindikira n'kosavuta: chulukitsani dzinalo. Mphika umakhala miphika, m'bale amakhala abale, m uja wachoka. Mphasa ndi mbale sizisintha ngakhale zitadzaza msika wonse wa ku Area 23. Mverani ndi b yemwe: wa m'bale amamveka ngati mpweya ukukokedwera m'kati, monga b woyamba wa bambo, pomwe wa mbale amangophulikira kunja. Nkhodolero imatithandiza pa m'bale, koma pa mphika kalembedwe kathu kamangotisiya tokha.

Muyeso umene ine ndimaukonda ndi wa mneni tuma. Kuchokera pamenepo tili ndi mtumwi wa m'Baibulo, tilinso ndi nthumwi yopita ku msonkhano. Mu mtumwi, m sanakhudze t ngakhale pang'ono. Mu nthumwi zinthu ziwiri zachitika. Liwu la m'mphuno lasamukira pamene t amatchulidwira, kuseri kwa mano, n'kukhala n. Ndiyeno t walandira kampweya kamene timalemba ndi h. Zomwezo zachitika pa patsa ndi mphatso, pa kalamba ndi nkhalamba. Pa lima ndi ndime l wasanduka d, chikhalirecho mu mlimi l ali bwinobwino. N'chifukwa chake anyamata a m'tauni muno akamalemba pa foni kuti "ntengo" kapena "nkaka", ine sindidandaula kwambiri. Akulemba mmene amatchulira, komabe palibe amene amati "nthengo" ponena mtengo. Kusowa kwa h kukuulula kuti n ameneyo ndi mu wakale uja.

Nanga mph wa mphatso? Onena kuti ndi liwu limodzi ali ndi mfundo yolimba. Chichewa sichilola makonsonanti osiyana kuunjikana pamodzi, ndipo mawu obwereka timawaswa ndi vawelo: sukulu, buledi, sitolo. Koma banki ndi simenti tinazilandira osaswa nk kapena nt, kusonyeza kuti khutu lathu siliona vuto pamenepo. Komanso mb ndi nd zimayamba mawu, monga mbuzi ndi ndege, ndipo m wa mbuzi satenga kuwomba kwake m'manja.

Onena kuti ndi maliwu awiri amaloza mphatso yomweyo. Ngati tikutha kuona kuti p ndi wa tsinde la patsa, ndipo m wachita kumatidwa kutsogolo, ndiye kuti zidutswa zinali ziwiri. Robert Herbert, m'buku lake la 1986, anatsata njira imeneyi: pansi pake ndi awiri, amangolumikizana potchula. Umboni wina amautenga ku zinenero monga Chiganda cha ku Uganda ndi Chiyao chathu chomwechi, momwe vawelo yotsogolera mb kapena nd imatalika, ngati kuti liwu la m'mphuno linali ndi nthawi yakeyake imene layisiyira vaweloyo. Muyeso umenewu pa Chichewa sugwira. Ife timatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto tikafika popumira, kaya patsogolo pali mb kaya palibe: a woyamba wa samba ndi a woyamba wa sala amatalika onse. Amene angayeze samba yekha n'kulengeza kuti wapeza umboni wadzinamiza. Ayenera kuyeza mawu aatali, monga sambitsa ndi salitsa, pamene a sali pamalo otalikitsawo.

Laura Downing, amene analemba The Phonology of Chichewa pamodzi ndi Al Mtenje mu 2017, anali atafotokoza kale mu 2005 kuti miyeso imeneyi kawirikawiri imapereka mayankho otsutsana. Ine ndikuona kuti imatsutsana chifukwa ikuyankha mafunso awiri. Pa kapangidwe ka dzina, mph wa mphatso ndi zidutswa ziwiri. Pa katchulidwe ndi pogawa maphatikizo, amayenda ngati chinthu chimodzi, ndipo funso la m'kalasi ndi lachiwirili. Mphunzitsi alembe sa-mba, osati sam-ba, ndipo mwana akagawa mphika patatu amchongere, chifukwa wamva bwino.