Batire la lithiyamu lili ndi mtundu wake, tisamangooda mwachimbulimbuli

Anzanga a geni ndi inu akuluakulu a mathiraki, pali katundu amene tayamba kunyamula kwambiri kuchokera ku Joni ndi ku Dar es Salaam, koma ambiri a ife tikumugulitsa osamudziwa. Ndikunena mabatire akuluakulu a sola oika m'nyumba. Kasitomala akafunsa kuti batire ili ndi lotani, yankho lathu limangokhala lakuti "ndi lithiyamu, bwana, olijino." Kuyankha koteroko n'chimodzimodzi kufunsidwa ngati thanki ili ndi dizilo kapena petulo, iwe n'kumati ndi mafuta basi.

Mabatire a lithiyamu amene akuzungulira m'misika mwathu ndi a mitundu iwiri makamaka. Wina pa chikwangwani chake amalemba LiFePO4 kapena LFP, ndipo m'kati mwake muli lithiyamu, chitsulo ndi fosifeti. Wina amalemba NMC kapena NCM, kapena sangolemba n'komwe, ndipo muli nikelo, manganizi ndi kobalti, yemwe uja ena mwa inu mumamunyamula kuchokera ku Kolwezi n'kugona naye pa mzere ku Kasumbalesa. Mfundo yanga ndi imodzi: batire lokhomeredwa pa khoma m'nyumba yogonamo anthu likhale LFP, ndipo wogulitsa munthu NMC pa ntchito imeneyi osamuuza akumulakwira.

Amene amagulitsa NMC amanyadira kupepuka kwake, ndipo sakunama. Pa kilo imodzi, selo la NMC limasunga magetsi ochuluka kuposa la LFP, nthawi zina kuposa ndi theka lathunthu. N'chifukwa chake limakondedwa m'galimoto zamagetsi, m'njinga zamagetsi ndi m'zida za m'manja, komwe kilo iliyonse umayenda nayo. Koma batire la m'nyumba likupita kuti? Mukalikhoma pa khoma lakhala pomwepo mpaka lidzafe. Batire la LFP la 51.2V 100Ah, lomwe limasunga mayunitsi 5 a magetsi, limalemera makilo pakati pa 40 ndi 50. Anthu awiri amalinyamula tsiku limodzi lokha. Kupepukako kumatipindulira ife onyamula, chifukwa timalipira zochepa pa basi kapena pa thiraki, koma kasitomala sapezapo kanthu. Tiyeni tivomereze kuti tikamatamanda kupepuka timakhala tikutamanda thumba lathu.

Chimene kasitomala amafuna n'chakuti batire lidzaze ndi kutha tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Maselo abwino a LFP amapirira kudzaza ndi kutha maulendo 3,000 mpaka 6,000 asanatsike kufika pa magawo 80 pa 100 a mphamvu yake yoyamba. A NMC nthawi zambiri amakhala pa 1,000 mpaka 2,000. Tiyerekeze ndi mitengo yongopeka kuti masamu aoneke. Mwapeza mabatire awiri, onse a mayunitsi 5, la NMC pa R12,000, la LFP pa R18,000. Nyumba ikutapamo mayunitsi 4 usiku uliwonse: filiji, nyale, wailesi yakanema ndi kutchaja mafoni. La NMC likapirira maulendo 1,500, lapereka mayunitsi 6,000, ndiye kuti yuniti iliyonse yadya R2, ndipo lafooka patangotha zaka zinayi. La LFP likapirira maulendo 4,000, lapereka mayunitsi 16,000, yuniti iliyonse pa R1.13, ndipo latumikira pafupifupi zaka 11. Lotchipa lija ndiye lodula. Komanso kumene magetsi amazima kawiri pa tsiku, zaka zinayi zija zimasanduka ziwiri, kasitomala n'kubwera pa shopu panu nkhope itakwinyika ngongole ya batirelo asanamalize.

Masamu amenewanso ndawakomera mtima a NMC, chifukwa ndawerengera maselo atsopano. Ambiri mwa mabatire opanda dzina amene amatchipa modabwitsa amamangidwa ndi maselo ochotsedwa m'galimoto zamagetsi zakale kapena timaselo ta m'malaputopu ta 18650, zomwe zinatumikira kale kwina. Kuwonjezera apo, NMC imakalamba msanga ikamakhala yodzaza kwambiri pamalo otentha. Tsono ganizirani moyo wa batire la sola kwathu kuno. Dzuwa likawala bwino, pofika 11 koloko m'mawa ladzaza, ndiye likhala lodzaza choncho mpaka madzulo, m'chipinda cha malata chopanda siling'i, mu Okutobala wa ku Nsanje, ku Tete kapena ku Chirundu. Palibe malo oipa kwa NMC kuposa amenewo. LFP nayo kutentha kumaidya, musalakwitse, koma imapirira bwinoko.

Nkhani yaikulu ndi moto. Selo la lithiyamu likatenthedwa mopyola muyeso, kaya chifukwa chotchajidwa mopitirira, kubooledwa kapena shoti ya m'kati, limayamba kudzitenthetsa lokha osasiya, n'kuyatsa selo loyandikana nalo. Kwa NMC izi zimayamba pafupi ndi madigiri 200, ndipo choipitsitsa n'chakuti zinthu za m'kati mwake zikamaphwanyika zimatulutsa okosijeni. Moto wake umadzipatsa wokha mpweya, kotero kuuphimba ndi bulangete kapena mchenga sikuuthetsa, ndipo umatha kuyakanso mutaganiza kuti wazima. Mu LFP okosijeni amagwiridwa zolimba ndi fosifeti. Limafuna kutentha kokwera kwambiri kuti lifike pamenepo, ndipo kawirikawiri limatupa n'kutulutsa utsi m'malo molavula malawi. Izi si nthano za m'mabasi. Kampani yaikulu ya LG inaitanitsa mabatire ake ena a m'nyumba a RESU ku America ndi ku Australia kuyambira mu 2020 chifukwa cha chiopsezo cha moto, ndipo amenewo anali a NMC opangidwa m'fakitale yeniyeni. Tesla nayo, yomwe Powerwall 2 yake inali ya NMC, inasamukira ku LFP pa Powerwall 3. Ngati a ndalama zawo ndi mainjiniya awo anavutika, nanga bokosi lomangidwa kuseri kwa shopu ndi munthu amene simudzamuonanso?

Wina anena kuti batire lililonse lili ndi BMS, kabolodi kaja kamene kamadula magetsi selo likadzaza kapena likatha mopitirira. Inde. Koma BMS ndi buleki yomaliza, ndipo dalaivala aliyense pano akudziwa zimene zimachitika ukatsika phiri podalira buleki yokha. Ngozi yeniyeni imabwera pa invata. Selo la LFP ndi la 3.2V ndipo malire ake ndi 3.65V. Selo la NMC ndi la 3.6V kapena 3.7V ndipo malire ake ndi 4.2V. Batire lotchedwa "48V" la LFP nthawi zambiri limakhala ndi maselo 16, ndipo amisiri amakonda kuika invata kuti itchaje mpaka 56V kapena 57.6V. La NMC lotchedwanso "48V" likhoza kukhala ndi maselo 13 okha, omwe malire awo onse pamodzi ndi 54.6V. Mmisiri amene mwamuuza kuti "ndi lithiyamu basi" aika 57.6V monga anazolowera. Gawani 57.6 ndi 13, mupeza kuti selo lililonse likukankhidwira ku 4.43V. Tsiku lililonse BMS yotchipa ija ndiyo yokha ikuletsa ngoziyo, ndipo tsiku limene idzatope palibe chidzalire kukuchenjezani.

Ndiye mungalidziwe bwanji musanalipire? Yambani ndi chikwangwani. Mukaona 12.8V, 25.6V kapena 51.2V, manambala amenewo ndi 3.2 kuchulukitsa ndi 4, 8 kapena 16, ndiye LFP. Mukaona 11.1V, 14.8V, 48.1V, 50.4V kapena 51.8V, amenewo ndi a banja la NMC. Likangolembedwa 48V osatchula mtundu, musakhulupirire, chifukwa liripo la LFP la maselo 15 lomwe ndi 48V ndendende, liriponso la NMC lomwe angolifupikitsa dzina. Kenako liikeni pa sikelo. Batire lolonjeza mayunitsi 5 koma likulemera makilo 25, mwina ndi NMC, apo ayi mayunitsiwo ndi abodza, ndipo zonsezi si zabwino.

Umboni wosatsutsika ndi voteji ya selo limodzi. Mabatire ambiri masiku ano amaionetsa pa kasikirini kake kapena pa foni. Uzani wogulitsa alitchaje lidzaze, lipume ola limodzi, muwerenge. Selo la LFP limatsikira cha pa 3.4V. La NMC limakhala pamwamba pa 4.0V. Musadalire kuyeza batire lonse ndi mita, chifukwa maselo 16 a LFP opumula amapereka pafupifupi 54V, ndipo maselo 13 a NMC odzaza amaperekanso pafupifupi 54V yomweyo. Apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Maonekedwe a selo nawonso si umboni, poti alipo a LFP obulungira ngati batire la tochi. Wogulitsa akakana kukuonetsani voteji ya maselo, tengani ndalama zanu mupite shopu ina.

Sindikunena kuti LFP ilibe chilema. Voteji yake imakhala pafupifupi pamodzimodzi kuyambira lili pa magawo 20 mpaka 90 pa 100, choncho invata yongoyang'ana voteji imanama za kuchuluka kwa magetsi otsala, ndipo nyumba imatha kuzima mwadzidzidzi pomwe sikirini imati lilipo theka. Mankhwala ake ndi kugula batire limene BMS yake imalankhulana ndi invatayo kudzera pa waya wa CAN kapena RS485, ndipo funsani izi musanaoode. Silifunanso kutchajidwa kukazizira pansi pa madigiri 0, zomwe zikukhudza abale athu a ku Lesotho ndi m'madera okwera a ku Joni m'mawa wa mu Juni, ngati batire lili panja. Ndipo utsi wake likaonongeka ndi wa poizoni komanso umayaka, kotero musaliike kuchipinda chogona kapena pafupi ndi mbaula. Koma zonsezi zimakonzeka ndi kaikidwe kabwino, pomwe okosijeni wa mu NMC palibe mmisiri angamuchotsemo.

Kwa inu a mathiraki, mabatire onsewa pa msewu ndi katundu woopsa wa gulu 9, nambala yake UN3480, kaya ndi LFP kaya NMC. Wina akakupatsani bokosi lolemera kuti mumuponyere kuseri kwa mpando, funsani chimene chili m'kati. Lisakhale lodzaza, mitu yake ikhale yophimbidwa kuti sipanala isagwerepo, limangidwe kuti lisagubuduke pa mabampu, ndipo bokosi lotupa, lophwanyika pakona kapena lonunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo lisakwere n'komwe. Mumagona mu kabini yomweyo masiku atatu pa Beitbridge dzuwa likuswa mtengo.