Lekani kumuuza kuti apirire

Achemwali anga atamenyedwa kachitatu, ankhoswe anakhala pansi n'kugamula kuti banja ndi kupirira. Azakhali anawonjezera: "Ukamumangitsa, anawa adya chiyani?"

Funso la azakhalilo sindikulinyoza. Chimene chimandipsetsa mtima n'choti timalifunsa ngati njira zilipo ziwiri zokha, kumangitsa mwamuna kapena kudikira maliro. Limenelo ndi bodza. Kuyambira 2006 Malawi ali ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja, ndipo limapatsa khoti mphamvu yopereka chikalata chachitetezo. Chikalatachi sichithetsa ukwati, sichitsekera munthu m'ndende. Chimangomulembera malire, ndipo akawadumpha m'pamene wapalamula mlandu.

Achemwali anayambira kupolisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Kumeneko anawapatsa kalata yopita nayo kuchipatala, adokotala n'kulemba mabala onse. Zithunzi za nkhope yotupa ndi mauthenga oopseza a pafoni tinasunga. Kenako tinapita kukhoti la majisitireti kukalemba pempho ndi kulumbira kuti zolembedwazo n'zoona. Moyo ukakhala pachiswe, khoti likhoza kupereka chikalata chongoyembekezera mwamunayo asanamvedwe n'komwe, mbali yake n'kudzaimva pa tsiku la mlandu.

Tsono mverani apa, chifukwa ambiri amapempha zochepa. Amangoti "asandimenyenso" basi. Chonsecho khoti likhoza kumuletsa kufika pakhomo kapena kuntchito kwako, kukuyimbira foni, ngakhale kuwononga katundu. Likhoza kumulamula kubweza zimene analanda, kupereka mfuti kapena chida china kupolisi, kupitiriza kulipira lendi ndi kupereka ndalama zosamalira ana. Litha kulamulanso kuti atuluke m'nyumba ndi iyeyo, iwe ndi ana mutsale. Azakhali, yankho lanu ndi limenelo.

Achemwali anatchula zinthu zitatu: alamu asafike pamsika pomwe iwo amagulitsa kaunjika, abweze makina osokera amene anabisa kwa mbale wawo, ndipo lendi isaime. Kutchula malo ndi zinthu mayina ake kumathandiza, chifukwa wapolisi akawerenga chikalatacho amaona yekha pamene chaphwanyidwa.

Ena mukuti, pepala lingatchinge chibakera? Ayi, silingatchinge. Mwamunayo ayenera kupatsidwa chikalatacho kuti adziwe zomwe waletsedwa, ndipo masiku amenewo mkwiyo wake umatha kukwera. N'chifukwa chake achemwali anagona kwathu sabata imeneyo, chikalata chili m'chikwama, chithunzi chake chili pafoni. Akaphwanya lamulolo, osayitananso ankhoswe. Pita kupolisi tsiku lomwelo, chikalata m'manja.

Lamuloli silisankha, mwamuna wozunzidwa nayenso akhoza kupempha. Ndipo ngati wovulalayo akuopa, kholo lake, m'bale wake kapena wapolisi akhoza kum'pemphera. Ndiye ife abale tilibe pothawira. Tinali ndi miyendo yokafika kukhoti kuyambira tsiku loyamba lija, koma tinadikira mpaka kachitatu. Zimenezo zimandichititsabe manyazi.